Jakisoni Wachitatu wa a Kondakitala

Dzina lawo lenileni ndi Bhikaji Rewale, koma mukafika pa Ambolwadi n'kufunsa dzina limenelo, anthu ayamba ayang'anizana kaye. Nenani kuti a Kondakitala, ndipo aliyense akulozerani nyumba ya denga lofiira kumtunda kwa kachisi, ija ili ndi mitengo iwiri ya mango pakhomo. Ine ndimawatchula kuti Tatya, monga timatchulira abambo aang'ono, chifukwa iwo ndi malemu apongozi anga anakulira bwalo limodzi. Ndine Shalan, mlangizi wa zaumoyo m'mudzi muno. Ntchito yanga ndi kuyenda khomo ndi khomo, kaundula ali kukhwapa, kukumbutsa anthu zinthu zimene safuna kukumbutsidwa. Makomo ena amandipatsa tiyi, ena amandipatsa msana.

A Bhikaji anagwira ntchito m'mabasi zaka makumi atatu ndi chimodzi, pamsewu wochokera ku Chiplun kupita ku Mumbai. Mbiri yawo ndi imodzi basi: m'basi mwawo simunakwerepo munthu wopanda tikiti. Akuti tsiku lina anatsitsa mlamu wawo weniweni, mvula ikukhuthuka, chifukwa anakwera akudalira chibale. Mlamuyo sanawalankhule zaka zinayi, ndipo iwo sanapepese. Atapuma pantchito anasunga yunifolomu yawo ya khaki ndi kachitsulo koboolera matikiti. Kachitsulo kameneko sikanapume nawo. M'mawa uliwonse akamwa tiyi wawo wopanda shuga, amapita pakalendala ya pakhoma n'kuboola tsikulo, kuti kwetche. Kalendala ya m'nyumba imeneyo ikamafika Disembala imakhala ngati sefa.

Akazi awo, mayi Anusuya, ndiwo anali pakamwa pa nyumbayo. Ankalankhula ndi nkhuku, ndi miphika, ndi aliyense wodutsa pamsewu, pamene a Bhikaji ankangoti "Eya" kapena "Ayi" ngati mawu amagula. Anabereka mwana mmodzi, Milind, amene amakonza magetsi ku Mumbai ndipo ali ndi mkazi ndi kamtsikana kamodzi. Zimenezi si zachilendo kuno. Nyumba zambiri za mudzi wathu zimakhala ndi loko pachitseko, eni ake ali kutawuni, ndipo zotsegula mumakhala okalamba. Mudzi umadzadza kawiri pachaka, nthawi ya chikondwerero cha mulungu Ganapati ndi nthawi ya chikondwerero cha Shimga.

Shimga ndiyo yaikulu kwa ife. M'mwezi wa Malichi mulungu wamkazi wa mudzi amatuluka m'kachisi atakwezedwa pa machira okongoletsedwa, n'kuyendera nyumba iliyonse, ng'oma zili patsogolo. Akafika pakhomo panu, mwamuna wa nyumbayo amalowetsa phewa kunsi kwa mtengo wa machirawo n'kuwavinitsa pabwalo pake. Bambo akakalamba, phewalo limakhala la mwana wake. N'chifukwa chake ana a ku Mumbai amalolera kukangana ndi mabwana awo kuti apeze tchuthi. Kwa a Bhikaji phewa la Milind linali litasenza machirawo zaka khumi ndi zisanu.

Mu 2021 Shimga inali yozizira chifukwa cha korona, koma Milind anabwerabe yekha, ndi pepala losonyeza kuti anamuyeza ndipo analibe matenda. Tsiku lachitatu anayamba kutsokomola. A Bhikaji anali atabayitsa katemera woyamba kumayambiriro kwa mwezi umenewo, poti iwo chinthu chikangolembedwa papepala la boma amachita. Mayi Anusuya anandikana katatu. Ankati, "Iwe Shalan, mkono ukatupa adzaphika ndani? Chikondwerero chithe kaye." Zengerezu adalinda kwawukwawu. Anadwala patapita masiku ochepa, tinawatengera kuchipatala chachikulu, ndipo pakati pa Epulo anamwalira.

Kwathu moto wa maliro a mayi amayatsa ndi mwana wamwamuna. Milind sanayatse. Anali atatsekeredwa kusukulu ya pulayimale, kumene tinkasunga odwala, ndipo mtembo anauwotcha anthu ovala mapulasitiki amene sankawadziwa n'komwe mayiwo. Atachira anatuluka kusukuluko, anaima pamsewu moyang'anizana ndi nyumba ya bambo ake, sanalowe, anakwera basi. Ine ndinamuona ndi maso angawa. A Bhikaji anawayeza kawiri, osawapeza ndi kanthu, ndipo masiku a maliro atangotha ndinawakoka kukabayitsa wachiwiri. Linali tsiku la 29 Epulo.

Kuyambira pamenepo bambo ndi mwana ankalankhulana Lamlungu lililonse pafoni, mphindi zosakwana zisanu. Mwadya? Ndadya. Shuga ali bwanji? Ali bwino. Ganapati inafika, Milind sanabwere. Ankatumiza zinthu: kamakina kopanira chala koyezera mpweya m'magazi, mabokosi a masiki, bulangete. A Bhikaji ankaziika pamwamba pa kabati zili m'mapepala ake. Anaphunzira kuphika mpunga ndi mphodza ali ndi zaka makumi asanu ndi awiri ndi zinayi, ndipo ankaphika moipa. Ndinkawapeza masana atakhala pakhonde, wailesi ili chete, akuyang'ana chingwe choyanikapo zovala. Zinkandimvetsa chisoni, ndipo chisoni changa chimatuluka ngati ukali, choncho ndinkawakalipira za mankhwala awo a shuga ndi a kuthamanga kwa magazi, ngakhale sanaphonyepo ndi tsiku limodzi lomwe.

Kumapeto kwa Disembala boma linalengeza za katemera wachitatu. Linati kuyambira pa 10 Januwale alandire azaumoyo, ndi anthu a zaka makumi asanu ndi limodzi kupita m'tsogolo amene ali ndi matenda a mgonagona, bola patapita masabata 39, pafupifupi miyezi isanu ndi inayi, chibayitsireni wachiwiri. Mawa lake ndinapeza a Bhikaji akundidikira pachipata, atameta ndevu.

"Shalan, tabwera kuno. Wa shuga ali m'gulumo?"

"Alimo, Tatya. Inu ndiye muli m'gulumo kawiri, shuga ndi magazi omwe."

"Milind waimba dzulo, si Lamlungu. Akuti ndikabayitsa wachitatu, abwera pa Shimga. Onse atatu."

"Wanena choncho ndi pakamwa pake?"

"Wati, 'Baba, mukangonditumizira pepala la wachitatu, ndigula matikiti.' Tawerenga masiku."

Tinawerenga limodzi pakalendala yatsopano imene inali isanabooledwe ndi kamodzi komwe. Tsiku lawo linagwa pa 27 Januwale. Shimga inali pakati pa Malichi. Nthawi inalipo yambiri. Anazunguliza tsikulo ndi cholembera chofiira, ndipo kwa nthawi yoyamba chimwalirireni akazi awo anandifunsa ngati ndimwe tiyi.

Chakudza sichiimba ng'oma. Pakati pa Januwale timagawana timaswiti ta chitowe, khomo ndi khomo, ndipo a Bhikaji, amene miyezi yonseyi ankalonjera anthu ali patali, tsiku limenelo analandira alendo pakhonde, poti mtima unali utamasuka. Sanadye n'kamodzi komwe, anangolandira. Korona wa nthawi imeneyo ankayenda ngati moto wa m'tchire, ndipo patapita masiku anayi ndinawapeza mawu atasasa, thupi likutentha. Anati ndi chimfine. Ndinati chimfine chimenecho akachione a kuchipatala. Anawayeza, n'kuwapeza ndi kachirombo ka korona. Panatsala masiku asanu ndi atatu kuti tsiku lofiira lija likwane.

Sanadwale kwambiri. Dokotala anati akhale kunyumba, ndipo ine ndinkapita m'mawa ndi madzulo, n'kumaima pawindo. Kamakina ka Milind kaja tinakatsitsa pakabati. Mpweya unali bwino, shuga ndiye anakwera kwa masiku angapo kenako n'kutsika. Chakudya ndinkasiya pakhonde. Lamlungu ndinawamva ndi makutu anga akuyankha foni, atakonza kukhosi kaye: "Ndili bwino. Mawuwa? Ndi fumbi, ndimasesa." Atadula ananditembenukira.

"Usamuuze."

"Tatya, ndi mwana wanu."

"Ndati usamuuze. Akamva kuti kalowanso m'nyumba muno, sadzapondanso pano."

Ndinalonjeza, ndipo pakamwa panga ndimapadziwa ndekha.

Pofika kumayambiriro kwa Febuluwale anali atachira. Uthenga unali utalowa kale pafoni yawo wowauza kuti tsiku lawo la wachitatu lakwana, poti makina amangowerenga miyezi, sadziwa amene wadwala. Ine ndinali nditamva kale kumsonkhano wa alangizi kuti aliyense amene wapezeka ndi korona adikire miyezi itatu atachira asanabayitse katemera aliyense, wachitatu yemwe. Ndinawauza. Anandiyang'ana ngati ndalankhula chinenero china, n'kundionetsa foni.

"Apa alemba kuti ndibwere."

"Alemba asakudziwa kuti munadwala."

"Ndiye adziwa bwanji?"

Anabweza foni ija m'thumba.

Lachiwiri lotsatira ndinali kuchipatala chathu chaching'ono, kuthandiza kuimika anthu pamzere. Tsiku limenelo wobaya anali namwino watsopano wochokera kuboma lina, amene sankadziwa aliyense wa ife. Cha m'ma teni koloko kagalimoto ka matayala atatu kanaima pachipata, ndipo anatsikamo a Bhikaji. Anavala khaki yawo ija, yositidwa mpaka mizere kuthwa, ngakhale inali itawakulira. Anandiona, n'kuyang'ana kumbali. Anakhala pabenchi mwadongosolo, chitupa ndi foni zili m'manja, mpaka nthawi yawo inakwana.

Namwino anayang'ana pakompyuta. "Bambo Rewale, wachiwiri munabayitsa mu Epulo, eti? Mwakwanitsa. Mwadya m'mawa uno?"

"Ndadya."

"Matenda ena aliwonse?"

"Shuga ndi magazi. Mankhwala ndamwa."

"Thupi silikutentha? Simunadwalepo korona miyezi itatu yapitayi?"

Munthu amene anatsitsa mlamu wake pamvula anayang'ana khoma n'kunena kuti, "Ayi."

Namwino anatembenuka kuti atenge jakisoni. Ndikanatha kukhala chete. Ndinadziwa kuti katemerayo si poizoni, sakanawagwetsa pansi pomwepo. Koma ndi ine ndinalemba dzina lawo m'kaundula wa odwala, ndi ine ndinaima pawindo lawo masiku asanu ndi awiri, ndipo pamzere panali anthu a m'mudzi mwathu amene ndinawabweza sabata yomweyo pa chifukwa chomwecho. Pakamwa panga panatseguka pokha.

"Tatya, mwaiwala. Munadwala mwezi watha."

Namwino anabweza jakisoni m'mbale. A Bhikaji anatsitsa mkono wa malaya umene anali atapinda kale, n'kumanga batani lake pang'onopang'ono. Makutu awo anafiira. Mpaka lero ndikakumbukira zala zija zikulimbana ndi batani, mtima umandiwawa.

Dokotala wathu, mayi wamng'ono msinkhu koma woleza mtima, anamva kuti kwachitika kanthu ndipo anawaitanira m'chipinda chake. Ine ndinalowa nawo osaitanidwa. A Bhikaji anakhala tsonga ngati afika pamaso pa bwana woyendera mabasi.

"Adokotala, ndifunse mafunso atatu. Ndinawalemba." Anatulutsa kapepala m'thumba. "Loyamba. Anthu kumsika akuti amene wadwala kale safunikanso wachitatu. N'zoona?"

"Ayi, bambo. Kudwala kumasiya chitetezo m'thupi, inde, koma chimanka chichepa pakapita miyezi, monganso cha katemera. Wachitatu mudzabayitsa ndithu."

"Lachiwiri. Ndi shuga wangayu, ndi ukalambawu, sadzandipweteka?"

"Shuga ndi ukalamba ndizo zifukwa zoti mubayitse, osati zoti muthawe. Korona akagwira munthu ngati inu ndiye amavuta. Tsikulo mudzadye, mudzamwe mankhwala anu monga mwa masiku onse. Mkono ungadzawawe, thupi lingadzatenthe tsiku limodzi kapena awiri, shuga angadzakwereko pang'ono. Zimatha zokha."

"Ndiye lachitatu." Anapinda kapepalako. "Ngati ndi wabwino choncho, mukundikaniziranji lero?"

"Chifukwa thupi lanu langomaliza kumene kulimbana ndi kachiromboka, ndipo panopa chitetezo chanu chili pamwamba. Tikakubayani lero, phindu lake likhala lochepa. Tikadikira miyezi itatu, katemerayo adzafika nthawi imene chitetezo chayamba kutsika, ndipo adzagwira bwino. Lamulo likutero, ndipo ine ndikugwirizana nalo. Mubwere sabata yoyamba ya Meyi."

"Shimga ili mu Malichi."

Dokotala sanamvetse, choncho ndinamufotokozera ine, mwachidule. Kenako dokotalayo anati, "Bambo, mumuuze mwana wanu zimene ndikukuuzanizi. Munabayitsa awiri, mwadwala n'kuchira. Miyezi ino ndinu wotetezeka kuposa mmene munalili mu Disembala. Sindinganene kuti simungadwalenso, palibe anganene zimenezo. Koma akayezetsa asananyamuke, akabwera alibe chifuwa, mukamachezera pakhonde, ine sindikuona chomuletsa."

"Zimenezo mungazilembe papepala la boma, la chidindo?"

"Pepala la wachitatu ayi. Limenelo limatuluka munthu akabayidwa."

"Iye akufuna limenelo."

Anaimirira, anathokoza dokotala, n'kutuluka. Ine sanandiyang'ane. Masabata awiri otsatira ndinkapeza chitseko chili chotseka, ndipo ndikagogoda ankayankha ali mkati kuti mankhwala amwa.

Apa ndipo ndinachita chinthu chimene mpaka pano sindidziwa ngati chinali chanzeru. Ndinaganiza kuti mawu a dokotala ndi nkhani yabwino, ndipo nkhani yabwino siyenera kuolera m'nyumba yotseka. Ndinaswa lonjezo langa. Ndinamuimbira Milind masana, nthawi ya chakudya.

"Alamu, kwagwanji?" Foni yochokera kumudzi kwa iye ndi maliro basi.

"Palibe chagwa, khazika mtima pansi. Bambo ako ali bwino. Koma wachitatu uja sabayitsa mpaka Meyi."

"Chifukwa?"

Ndinamuuza zonse. Kudwala, kuchira, za kuchipatala, mawu a dokotala. Ndinabwereza kawiri poti bambo akewo ndi otetezeka tsopano. Kumbali kwake kunkangomveka magalimoto.

"Anadwala ali okha?"

"Ndinalipo ine."

"Lamlungu lija ankati ndi fumbi."

"Ankaopa kuti ukamva subwera. Ndiye tamvera, Milind, dokotala akuti ukhoza kubwera. Ukayezetse, ubwere."

"Ndinayezetsa ulendo uja, alamu. Pepala ndinali nalo m'thumba."

"Amayi ako anali asanabayitse n'kamodzi komwe. Izi ndi zina."

"Munthu wa shuga wangodzuka kumene pamphasa, ndiye ndimubweretsere za m'sitima ya ku Mumbai? Mwana wanga amapita kusukulu, ine ndimalowa m'nyumba za anthu khumi patsiku. Ndinapha mmodzi, sizinakwane?"

"Iwe, usandilankhule zopusa! Unapha ndani? Ndiwe unapanga matendawa? Bambo ako sakufa ndi korona, akufa ndi kuyang'ana msewu!"

"Abayitse kaye," anatero motsitsa mawu. "Akabayitsa tidzaona."

Ndinazindikira pomwepo kuti "ndigula matikiti" wasanduka "tidzaona," ndipo wamusandutsa ndine.

Lamlungu lotsatira bambo ndi mwana analankhulana. Sindidziwa zimene ananena. Lolemba ndinapeza chitseko chotsegula, a Bhikaji ali pakhonde akusankha mpunga. Ndinaima pamasitepe kudikira kuti andilalatire, ndipo ndikanakonda akanatero.

"Wamuuza," anatero osadzutsa mutu.

"Ndamuuza, Tatya. Ndikhululukireni."

"Ine ndinanama kawiri, kwa iye ndi kwa namwino. Iwe wanena zoona kawiri." Anataya kamwala kunja. "Sizinathandize onsefe. Khala pansi, ukunditchinga kuwala."

Shimga inafika. Maloko anatseguka mudzi wonse, m'misewu munadzadza ana ovala nsapato za kutawuni, ndipo usiku ndi usana kunkamveka ng'oma. Nyumba imene mwagwa maliro chaka chimenecho siphika zotsekemera, abale ndiwo amabweretsa n'kudzakhala nanu pang'ono. Ine ndinawatengera mikate iwiri yotsekemera, ndikudziwa kuti sadya, kuti mwambo ukwane. Ndinapeza atazira okha bwalo ndi ndowe, monga ankachitira akazi awo. Anayesanso kujambula maluwa a ufa woyera pakhomo, ndipo anatuluka opotoka ngati mapazi a nkhuku. Sindinaseke.

Machira anafika pakhomo pawo dzuwa litapendeka, tsiku lachitatu. Ng'oma zinalowa pachipata, anthu anadzadza pansi pa mango. A Bhikaji anapereka kokonati ndi nsalu, wansembe anatchula dzina la nyumbayo ndi kupempha madalitso pa onse a m'menemo, a kuno ndi a ku Mumbai. Ndiye inafika nthawi ya phewa. Anyamata amene ananyamula anayang'anizana. Mwana wa nyumba yoyandikana nayo anayamba kuvula nsapato kuti alowepo, koma a Bhikaji anamuletsa ndi dzanja. Anapinda thaulo, analiika paphewa, n'kulowa okha kunsi kwa mtengo.

Machira amenewo ndi olemera, amuna awiri amphamvu amatuluka nawo thukuta. Wa kumbuyo anayesetsa kusenza mbali yaikulu, ndipo ena awiri anagwirira m'mbali mochenjera, ngati akungokonza nsalu. Oimba ng'oma anachepetsa liwiro. A Bhikaji anayenda masitepe mwina asanu ndi limodzi kupita kutsogolo, atatu kubwerera, nkhope ili gwa. Sikunali kuvina, koma palibe ananena. Atawalandira anakhala pansi pa sitepe akupuma mwabefu, ndipo khamu linapitirira kunyumba ina. Bwalo linatsala ndi mapazi a anthu pa maluwa aja.

"Wajambula chithunzi?" anandifunsa.

"Ndajambula, Tatya."

"Usamutumizire. Angaganize kuti ndikumunena."

Ulendo uno ndinasunga lonjezo. Chithunzicho chikadali m'foni mwanga.

Epulo anabwera ndi kutentha kwake, mango anapsa. Mwambo wa chaka chimwalirireni mayi Anusuya anauchita ndi wansembe ndi ife oyandikana nawo, Milind akuonera pafoni imene ndinaitsamiritsa pa mtsuko. Kalendala inkaboolekabe m'mawa uliwonse, ndipo panali tsiku lina lofiira, la 3 Meyi, limene dokotala anawalembera.

Tsikulo anafika kuchipatala chisanatsegulidwe. Khaki ija sanavale, anangovala malaya oyera. Namwino yemwe uja anafunsa mafunso omwe aja, ndipo atafika pa la korona a Bhikaji anayankha mokweza kuti benchi yonse imve: "Ndinadwala mu Januwale. Ndinachira pa 1 Febuluwale. Miyezi itatu yakwana ndi masiku awiri." Namwino anaseka, anawabaya katemera wa mtundu womwe uja wa awiri oyamba, n'kuwauza kuti akhale panja theka la ola. Asanathe kudikirako uthenga unalowa. Ndinawatsitsira pepalalo pafoni, dzina lawo, masiku onse atatu, ndipo anandiuza kuti ndilitumize pomwepo. Anaonjeza kuti ndilembe kuti mango a mtengo wa kumanzere apsa, aja kamawakonda kamtsikana kake.

Mkono unawawa masiku awiri, thupi linatentha usiku umodzi, basi. Yankho la Milind linabwera tsiku lomwelo. Linali kachithunzi ka manja awiri opemphera, ndi mawu akuti wasangalala kwambiri, koma kuntchito kwachuluka, ndipo mvula ikayamba misewu ya kumapiri imavuta. Mwina pa Ganapati. A Bhikaji anandipempha kuti ndiwawerengere kawiri, ngakhale amatha kuwerenga okha. Kenako anathyola mango, anawalongedza m'bokosi ndi udzu, n'kukawapereka kwa dalaivala wa basi ya ku Mumbai.

Ine ndinakwiya sabata yonse. Ndinkakalipira ana anga popanda chifukwa, ndinkatukwana Milind mumtima, kenako n'kumukumbukira ataima pamsewu uja ndi chikwama chake, akulephera kuwoloka kupita pakhomo pamene anabadwira. Mkwiyo unkandithera, n'kutsala chisoni chokha. Pa anthu awiriwa sindinapeze woti ndimuloze chala.

Kumapeto kwa Meyi, mitambo itayamba kusonkhana kunyanja, ndinapita kukawayeza shuga. Anali bwino. Ndikulemba m'kaundula, iwo anali ataima pakalendala, kachitsulo kali m'manja. Anavundukula masamba, Juni, Julayi, mpaka Ogasiti, pamene pali Ganapati, n'kuyang'ana nthawi yaitali. Sanazungulize.

"Shalan."

"Ee, Tatya."

"Iwe umapita kumisonkhano. Kodi kuli wachinayi?"

"Wachinayi wa chiyani?"

"Jakisoni. Mwina akuopabe kuti atatu ndi ochepa."

"Palibe, Tatya. Sanalengeze. Mwamaliza onse amene alipo."

Anagwedeza mutu, anabweza masamba aja mpaka pa Meyi, n'kuboola tsikulo.

"Akadzalengeza," anatero, "udzandilembe poyamba."